Njere Zitatu pa Phando

Zonse zinayamba m'chilimwe cha 2011, pamene mlamu wawo wa Mai a Mapasa anapuma ntchito m'tauni n'kubwerera kwawo ndi sutikesi, wailesi ndi chingwe chachitali chokulunga pa kamtengo. Mai a Mapasa anali atakhala pakhomopo kuchokera pa 9 Ogasiti 1986, tsiku limene anakwatiwa. Amuna awo anamwalira mu 2003, mapasa aja anakula n'kupita kutali kukagwira ntchito, iwo n'kutsala ndi apongozi awo aamuna, nkhalamba yosaona bwino imene inali mwini wa munda.

Mundawo unali mamita 100 uku ndi uku, mizere 133 yotalikirana masentimita 75. Chaka chilichonse Mai a Mapasa ankabzala monga anawasonyezera amuna awo: phando ndi phando kutalikirana monga mzere ndi mzere, njere zitatu paphando. Thumba la makilogalamu 20 linkakwana munda wonse, kutsalako pang'ono zopakizira. Sanawerengepo kanthu. Mwendo unkadziwa pofika, zala zinkadziwa zotola.

Mlamuyo sanachedwe kusonyeza kuti mwana wa pakhomo ndi iye. Anatulutsa miphika yawo m'chipinda chosungiramo mbewu, n'kukhomapo loko. Iwonso anamutcha dzina loti a Chingwe, ndipo linagwira mpaka kwa ana a anansi. Moni wa m'mawa unatha. Wina akakhala pakhonde, wina ankazungulira kuseri.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Chingwe anatambasula chingwe chawo pabwalo, nkhalamba ikumvetsera pampando. Chinali cha mamita 100, chomangidwa mfundo pa masentimita 25 alionse.

"Chaka chino tibzala ngati anthu," anatero. "Mizere ikhale momwemo. Pa mfundo iliyonse phando, ndiye kuti mapando 400 pamzere. Njere imodzi paphando. Mizere 133, njere 53,200. Mbewu iyi kilo imodzi ili ndi njere ngati 2,700, thumba lonse 54,000. Likwana."

"Njere imodzi?" anaseka Mai a Mapasa. "Nanga mbewa ikafukula, mudzalowa ndinu m'phandomo n'kumera?"

"Alamu, zitatu zanuzo zimangolimbirana chakudya ngati ana a nyumba yosauka. Zitsononkho zake ngati zala."

"Zala zomwezo n'zimene zawadyetsa bambo anuwa, inu mukunenepa m'tauni."

"Kudyetsa? Taonani mmene aondera."

Nkhalamba inakhosomola, inati ayese zimene wanena mwana, chaka chimodzi chokha.

Mvula inagwa pa 28 Novembala, a Chingwe atatupa tsaya ndi dzino, moti anakwera basi kupita kukalizula. Anasiya kiyi, chingwe ndi thumba pakhonde, osatsanzika. Mai a Mapasa anaitana azimayi awiri aganyu. Chingwecho anachitsata ndithu, mfundo ndi mfundo, poopa kunyoza mawu a apongozi. Koma atawerama paphando loyamba, njere imodzi inaoneka yamasiye. Anaponya zitatu. Mumtima anati chingwe n'chake, dzanja n'langa, ndipo thumba ili lakhala likukwana ndi njere zitatu chaka ndi chaka. Aganyu aja ataona, anatsata momwemo.

Chimene sichinawafike m'mutu n'chakuti thumbalo linkakwana chifukwa mapando awo anali 133 pamzere. Zitatuzitatu, mzere unkadya njere ngati 400, ndendende ndi za mlamu wawo. Njira ziwirizo, iliyonse payokha, zinkafuna mbewu yofanana. Iwo anali atatenga mapando a njira ina ndi njere za njira inzake.

Tsiku lachiwiri mbewu inatha pa mzere wa 45. Anakutumula thumba, analitembenuza, kenaka anayang'ana aganyu aja.

"Masulani nsalu zanuzo."

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati masulani. Mbewu siuluka."

Azimayiwo anamasula, anakutumula m'chiuno, simunagwe ngakhale njere. Wamkuluyo analavula pansi. "Mudzabzale ndi amanu," anatero, n'kunyamula khasu. Sanabwererenso, ndipo pamene nkhani inakula sanafune kutsegula pakamwa kuthandiza munthu amene anawavula.

A Chingwe anabwera madzulo ake tsaya lili ndi thonje, n'kupeza mizere 88 ili mbee. Anayenda mpaka kumapeto kwa munda n'kubwerera mwakachetechete. Atafika pabwalo ndi pamene anakuwa, kuti anansi amve.

"Mwagulitsa kuti? Makilo oposa 13, alamu! Bambo, mwasunga mbava m'nyumba zaka zonsezi!"

"Mbava ndi amene amabwera ndi loko pa zinthu zimene sanalime."

"Nanga mbewu ili kuti?"

Mai a Mapasa sananene za njere zitatu, poti kunena kukanakhala kuvomera kuti ananyoza, komanso sankaona kuti zikukhudzana bwanji. A Chingwe anauza bambo awo kuti wakuba sangagwirenso munda umenewo. Kuchitsime azimayi anayamba kusiya nkhani iwo akafika. Kusitolo mbewu ya mtundu uja inali itatha, ndipo imene inapezeka inabzalidwa mochedwa, pa 12 Disembala.

Koma lisanafike tsikulo, pa 5 Disembala, chimanga cha m'mizere 45 ija chinali chitatumphuka. A Chingwe anagwada, anakanda dothi, anapita paphando lina, kenaka lina. Paliponse timasamba titatu, tothinana ngati tsitsi. Mai a Mapasa anaima patali, manja kumbuyo.

"Mapando 400, zitatuzitatu, njere 1,200 pamzere," a Chingwe anayankhula okha. "Pa 54,000, mizere 45." Anadzuka n'kusasa mawondo. "Simunabe, alamu."

"Kakuweni pabwalo, monga munakuwira paja."

"Ndikakuwe chiyani? Wakuba bola, amatsala ndi kanthu m'manja. Inu mwangokwirira."

Nkhalamba inamva zonse. Inati mayiwa si wakuba, zimenezo zithe. Inatinso munda sungakhale ndi mitu iwiri: mizere 88 ayendetse mwana, ndipo nyengo ikubwerayo atenge wonse. Mai a Mapasa anafunsa ngati mwanayo abweze mawu ake pamaso pa anthu. Nkhalamba inati amuna akuluakulu sakakamizidwa zotere, n'kupempha madzi akumwa.

Mai a Mapasa anapatulira okha mizere yawo, kuzula ziwiri kusiya imodzi, phando ndi phando, msana ukuwotcha. Mbande zozulidwazo anaziunjika m'njira yopita kuchitsime, dala, kuti aliyense wodutsa aone kumene kunapita mbewu. Ena anaima n'kupukusa mutu. Ambiri anangolambalala, chifukwa nkhani ya kuba inali itakoma kale.

Chimanga cha m'mizere 45 chinabereka bwino. A Chingwe ankauza alendo kuti ndi chingwe chawo. Mai a Mapasa ankati ndi msana wawo. Sanayankhulanenso, kupatula tsiku lina pakhomo la khitchini, pamene mayiwo anati, "Mawu aja, alamu," ndipo mlamuyo anayankha kuti, "Ati? Ine ndinaiwala."

Mai a Mapasa anakolola mizere yawo, anatonola, anagawa pakati. Theka anathira m'matumba n'kuika m'chipinda cha apongozi awo, osati m'chipinda cha loko. Theka lina anakweza pa galimoto imene anatumiza mmodzi wa mapasa aja, pamodzi ndi miphika ndi khasu. Anagwada kutsanzika nkhalamba, inawagwira dzanja n'kufunsa kuti aziphika ndani. Anati afunse mwana wawo. Anachoka pakhomopo pa 17 Meyi 2012.