Mzere Wofiira wa a Mphindi

Munthu amene anandilembera makalata awiri ochenjeza ndi yemweyo amene ndimamupatsa moni woyamba m'mawa uliwonse. Mudabwa, koma imvani kaye.

Ndimagwira ntchito yosita pa fakitale yosoka mayunifomu a ana asukulu. Tilipo anthu makumi atatu ndi awiri: osoka, odula nsalu, oika mabatani, ndi ife a simbi kumapeto kwa chipinda, kumene kumatentha ngati tinalakwira wina. Pageti pali katebulo, pakatebulopo pali buku lalikulu lachikuto chakuda, ndipo kuseri kwa bukulo kwakhala bambo mmodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso chawo. Ife timangoti a Mphindi.

Ndi munthu wochepa thupi, wa malaya otsekedwa mpaka batani lapakhosi, tsitsi loyera m'mbali mokha. Anayamba ntchito ngati wodula nsalu, koma lumo lamagetsi litawadula nsonga ya chala, abwana anawapatsa buku. Pamkono amavala wotchi imene inaima kalekale, mphatso ya malemu akazi awo. Ukawafunsa nthawi, amaloza pakhoma. Amati nthawi ya pantchito ndi imene aliyense akuiona, osati imene munthu wabisa m'thumba.

Kachitidwe kawo nkosavuta. Hafu seveni amaliza belu, makina nkuyamba kulira. Pali mphindi zisanu za chisomo. Ikangokwana 7:35 amatenga rula ndi cholembera chofiira, nkujambula mzere pansi pa dzina lomaliza. Wofika pambuyo pake amalemba dzina pansi pa mzerewo, iwo nkuikapo nthawi, ndipo mphindi zako amaziwerenga kuchokera pa hafu seveni, osati pa mzere. Kumapeto kwa mwezi amaziphatikiza. Malipiro ako a pamwezi amawagawa ndi masiku 26, kenako maola asanu ndi atatu, kenako mphindi 60, kuti apeze mtengo wa mphindi yako imodzi. Anga ndi 124,800, ndiye kuti mphindi yanga ndi teni kwacha ndendende. Amadula zokhazo zimene wataya, saonjezapo chindapusa. Abwana anayesapo kunena kuti wochedwa mphindi zisanu ndi ziwiri azimulembera khumi ndi zisanu kuti masamu aphweke. A Mphindi anayankha kuti masamu sanawadandaulirepo.

Koma pali lamulo lina loluma. Ukapitirira mphindi 120 pamwezi, umalandira kalata yochenjeza. Kalata yachitatu m'chaka chimodzi ndiye kuti tsalani bwino, ntchito yatha. Ine ndinali nazo ziwiri.

Sindinama, zifukwa ndinali nazo zambiri, zina zoona. Geti la kusukulu ya mwana wanga amatsegula seveni, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze. Zina zinali tulo basi. A Mphindi ankamvetsera zonse mwaulemu, mutu uli pambali, nkunena kuti, "Pepani kwambiri, mlongo. 7:52."

Tsopano tchimo langa. M'chipinda chosokeramo munali wotchi ina yapakhoma, ya galasi long'aluka pakona, imene a kapitawo ankayang'ana poliza belu loweruka. Tsiku loyamba la mwezi umenewo, anthu atatuluka kukadya masana, ndinakwera patebulo lositira nkuikankhira kutsogolo mphindi zisanu. Ndinkafuna ndizipeza minibasi anthu a m'maofesi asanadzaze pasiteji. Palibe anandiona. Masiku asanu ndi atatu tinaweruka msanga, aliyense akusangalala osadziwa womuthokoza, ine ndikudziona wochenjera kuposa fakitale yonse.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikufika pageti wefuwefu, ndinakweza maso, mtima kuti phaa! Pakhoma la a Mphindi panali wotchi ya galasi long'aluka pakona. Yawo inagwa usiku ndi mphepo, ndipo alonda, pofuna kuthandiza, anakatenga ya m'chipinda nkuipachika pamenepo. Masana omwewo abwana anagula yatsopano, yolondola bwino, nkuiika pa msomali wa m'chipinda. Msampha ndinatchera ndekha, mwendo unalowamo ndi wanga.

Anthu anayamba kudandaula. Telala wina wamkulu, amene timamutcha a Zipi, anaonetsa foni yake. "Taonani apa, akulu, ikuti 7:33!"

"Mafoni ndawaona zaka zambiri," anatero a Mphindi osakweza mutu. "Onse amachedwa, palibe imene imafulumira. Lembani pansi pa mzere."

Ine ndikanati chiyani? Ndinadziuza kuti ndizingodzuka msanga. Ha! Ndinachedwabe kasanu ndi kamodzi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti atseke buku la mwezi, anandiitana nthawi yopuma. Anali atayala pepala lokhala ndi dzina langa pamwamba.

"Mlongo, khalani pansi. Ndawerenga katatu, ndi makina komanso pamanja. Zikukwana 141."

Pansi pa buku panasuzumira envelopu. Ndinaidziwa, ndinali nditalandirapo ziwiri zotero. Ndinaganiza za lendi, za nsapato za mwana zimene zala zinayamba kutulukira. Mantha anandigwira zenizeni. Ndikakhala chete, ntchito yatha. Ndikaulula, mwinanso yatha, kuphatikizapo manyazi. Ndinasankha manyazi.

"Achimwene, wotchi yanuyo ikufulumira mphindi zisanu."

"Nanunso mwayamba za a Zipi?"

"Ine ndikudziwa chifukwa ndinaikankha ndine."

Ananyamuka, kupita m'chipinda chosokeramo, kuyang'ana yatsopano ija, kubwerera. Anabwereka wailesi ya alonda nkudikira mpaka atalengeza nthawi. Atakhalanso pansi, nkhope yawo inali itagwa ngati wina wawauza za maliro.

"Masiku khumi ndi asanu ndi atatu," anatero motsitsa. "Anthu akundiuza, ine ndikuwatsutsa."

Apa mpamene ndinawadziwa bambo amenewa. Palibe wina anamva zimene ndinanena. Akanatha kukonza wotchi mwakachetechete, kundipatsa envelopu yanga, mbiri yawo ya zaka zonsezi nkukhala yoyera. Mmalo mwake anatsegula buku pa tsiku limene wotchi inasamuka, nkuyamba kuwerenga aliyense mwatsopano, dzina ndi dzina.

Zanga anawerenga ndili pomwepo. Wotchi isanasamuke ndinali ndi mphindi 46, zimenezo sanazikhudze. Pa masiku asanu ndi limodzi enawo panalembedwa 9, 14, 22, 8, 17 ndi 25. Anachotsa zisanu paliponse. Koma pa 9 ndi pa 8 anaika ziro, chifukwa masiku amenewo ndinafika chisomo chisanathe, mzere unangojambulidwa msanga. Zinatsala 58. Kuphatikiza ndi 46 zija, 104.

"Ndiye kuti ndapulumuka?"

"Pa kuchedwa, inde. Za kukwera patebulo tikakambe kwa abwana."

"Mukanenanso zimenezo?"

"Nanga ndikati wotchi inadzikankha yokha?"

M'mawa mwake tinalowa mu ofesi. Abwana athu si munthu woipa, koma ndalama ikatuluka pakhomo amamva kuwawa m'thupi. Atamva nkhani yonse anaimirira.

"Mayi awa andibera! Anthu makumi atatu ndi awiri, mphindi zisanu, masiku asanu ndi atatu! Lembani, muwadule onse, ndipo awa azipita lero lomwe."

"Ndalemba kale, bwana," anatero a Mphindi, nkuwapatsa pepala. "Aliyense anaweruka msanga mphindi 40, nzoona. Koma kwa masiku khumi ndi asanu ndi atatu ine ndakhala ndikuliza belu loyambira ntchito 7:25, ndipo akhala akuweruka pa nthawi yoyenera. Amene ankapezeka pa makina belu likamalira anakugwirirani mphindi 90 zaulere. Tikachotsa 40, mutsala ndi ngongole ya mphindi 50 kwa aliyense. Ngati tikudula, tidule mbali zonse."

Abwana anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatenga kamakina kowerengera, kudinadina, kukasiya. Anayang'ana kudenga.

"Mwina," anatero, "nkhani imeneyi tingoiiwala. Tonse ndife anthu."

"Buku siliiwala, bwana. Ngati ndalama zavuta, abwezereni nthawi yawo. Loweruka aweruke mphindi 50 belu lisanalire."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, poti mlandu wanga unali usanathe. Abwana anandiloza ndi cholembera. "Nanga katswiri wokwera matebuloyu?"

"Adulidwe mphindi zawo 104, ndiye 1,040. Kalata yachitatu palibe, poti lamulo likuti kupitirira 120. Za wotchizo chigamulo nchanu, koma musaiwale kuti anaulula okha, ndipo akanapanda kutero anthu asanu ndi anayi tikanawadula molakwa. Ine ndikanati Loweruka anzawo akamapita, iwo atsale mpaka belu."

Abwana anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. Ndinatuluka ntchito ili m'manja.

Masana a tsiku limenelo ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. A Mphindi anayenda makina ndi makina, kwa anthu asanu ndi anayi aja, kuwaonetsa mphindi zawo zatsopano ndi kupepesa. Kwa a Zipi anaima nthawi yaitali. "Foni yanu inanena zoona, akulu. Wouma mutu ndinali ine." A Zipi, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anangoyamba kufunafuna ulusi umene unali m'manja mwawo.

Loweruka anthu anatuluka akuimba, ena akundibayibitsa pawindo, wina nkukuwa kuti mwezi wamawa ndikankhe mphindi khumi. Ndinatsala ndekha ndi mulu wa masiketi ndi simbi yanga. Posakhalitsa ndinamva mpando ukukokedwa. A Mphindi anakhala pafupi ndi chitseko, buku lili pamiyendo.

"Inu simukupita? Nanunso muli nazo mphindi 50."

"Wina ayenera kulemba nthawi imene mwaweruka. Ndiponso masiku khumi ndi asanu ndi atatu aja wolakwa sanali inu nokha."

Ndinasita siketi imodzi, iwiri. Ndikutembenuka kuti nditenge yachitatu, ndinaona akuyang'ana pamkono. Wotchi ya malemu akazi awo inali ikuyenda. Anakaikitsa batire, anatero, kuti ya pakhoma izikhala ndi mboni. Kuti asaone misozi yanga ndinafunsa mwachipongwe kuti zatsala mphindi zingati, mwina tingagwirizane.

"Makumi atatu ndi imodzi," anatero. "Sitani, mlongo."