Thovu Pankhope ya Mwana Wanga

Ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chosachita thovu sichiyeretsa. Wonditsutsa pa zimenezi ndinkamuona ngati wauve.

Mwana wanga wamkazi ndi wachialubino. Kuchipatala ankatipatsa mafuta oteteza khungu ku dzuwa, olimba, osachoka ndi thukuta. Ankadzola m'mawa uliwonse, ndipo akaweruka kusukulu ankandipeza pamsewu pa Phalula pomwe ndimagulitsa tomato. Pofika madzulo nkhope inali itamata fumbi la malole. Ine mtima sunkakhala m'malo ndikaona litsiro limenelo. Anthu ankamuyang'ana kale mokwanira, ndiye azinenanso kuti mayi ake samusamala?

Ali ndi zaka khumi ndi zitatu ndinamugulira chosambira kumaso cha thovu, cha m'botolo lopopa. Ndinkamusambitsa ndekha, kawiri, mwina katatu, chifukwa mafuta aja ankakanirira. Ndinkakhula mpaka khungu kulira tswii pachala, ine n'kumati eya, tsopano wayera. Iye ankati nkhope ikukoka ngati chikopa cha ng'oma.

"Ndiko kuyera kumeneko," ndinkatero. "Usandivute."

Masaya anayamba kutuwa ndi kusenda. Kenaka anafiira, pamphuno n'kutuluka matuza. Ndinasowa mtendere. Kasitomala wofuna mulu umodzi ndinkamuthirira iwiri, maso ali pa mwana. Tsiku lina ndikusesa ndinapeza botolo la mafuta a kuchipatala kuseri kwa thumba la chimanga, lodzaza ndithu. Kwa milungu itatu mwana ankayenda padzuwa la Okutobala osadzola kanthu. Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira. Khungu ngati lake dzuwa silisewera nalo, zilonda zake ena zimawatengera kumanda.

"Amawawa, amayi," anatero. "Ndikadzola amalowa m'ming'alu ngati tsabola."

M'mawa mwake tinapita ku Balaka. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a matuza, n'kutiuza kuti tisiye chosambira choumitsa khungu chija. Ine ndinatuluka ndikung'ung'udza: ndiye azisamba chiyani, madzi okha? Tinalowa m'kasitolo ka zodzoladzola pafupi ndi msika. Mwini wake anali mayi wa mpango wakuda wochokera ku Nselema, amene amakongoletsanso akwatibwi. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine.

"Amayi, nkhope si poto iyayi. Bweretsani dzanja."

Anandipaka mafuta a mwana aja kuseri kwa dzanja, n'kusambitsapo ndi cha thovu. Atatsanulira madzi, madontho ankangogubuduka, kusonyeza kuti mafuta akadalipo, koma khungu la m'mbali linali litauma gwa.

"Mwaona? Thovu limakokolola mafuta a khungu lenileni. N'labwino kwa amene nkhope imachita kunyezimira ndi mafuta, osati uyu."

Chosambira china chimene anandipaka, cha jelo, chinali choterera, chozizirira, thovu lake lochepa. Anati chimenecho amapatsa atsikana a ziphuphu nyengo yotentha, koma pakhungu long'aluka chingaumitsebe. Kenaka anatenga cha mafuta. Ndinaseka mwachipongwe.

"Mafuta kuchotsa mafuta? Mukundiona ngati wobwera lero?"

"Phula la m'manja mumachotsa ndi madzi kapena palafini?" anandibwezera.

Anapaka padzanja louma, n'kusisita pang'onopang'ono. Atadonthezapo madzi, mafuta aja anasanduka oyera ngati mkaka, n'kutsukika onse. Anati ndisayerekeze kutengera mafuta ophikira, chifukwa amenewo sasakanikirana ndi madzi, amangokhala pomwepo. Pomaliza anandipaka cha kirimu. Sichinachite thovu ngakhale pang'ono, ndipo dzanja linatsala lofewa, losakoka. Anati matuza akapola, madzulo aziyamba ndi cha mafuta, atsirize ndi cha kirimu, ndipo m'mawa cha kirimu chokha chikwana. Ndinachita manyazi, komabe ndinafunsa kawiri ngati palibe china chochitako thovu pang'ono.

Milungu yotsatira manja ankandiyabwa. Mwana ankasamba yekha, ine ndikuzungulirazungulira pakhonde, kufuna kumulanda kuti ndikhule bwino. M'mawa ndinkanunkhiza nkhope yake kuti nditsimikize kuti wadzola. Kusenda kunatha, ndipo botolo la kuchipatala linayamba kutsika.

Loweruka lina tikusanja tomato ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze msanga.

"Ndinakuuzani, amayi. Munati ndisakuvuteni."

Ndinati chabwino, koma akanalimbikira. Anapukuta tomato mmodzi ndi nsonga ya chitenje, osandiyang'ana.

"Mmene munkakhulira muja, ndinkaganiza kuti si fumbi limene mukufuna lichoke. Ndinkaganiza kuti ndi khungu langali."

Minibasi inaima, anthu akuitana tomato pawindo. Amene anapita kukawagulitsa ndi mwanayo, ine n'kutsala pa milu ya tomato.