Ndime 9 ndi Thandala la Mayi Wina

Ndinali mlembi wa gulu la amayi oyanika usipa pagombe lina kufupi ndi Chipoka. Gululo linali ndi matandala a waya mumpanda wake, okwera bwino, oti mchenga ndi mbuzi sizifika pa nsomba. Usipa wouma pamenepo ogula a ku Lilongwe ankaulimbirana. Vuto linali lakuti matandala anali ochepa, amayi ofuna malo ambiri. Ena ankadikira zaka pamzere, akuyanikabe pansi.

Malamulo athu anali aatali, masamba ambiri omangidwa pamodzi. Tinawalemba mothandizidwa ndi alangizi a zausodzi, ndipo lamulo lililonse linali ndi nambala yake. Alangiziwo ankati: "Mukayambana musamati malamulo amatero. Muzitchula ndime, aliyense atsegule aone." Tinazolowera. Ngakhale amayi osadziwa kuwerenga ankadziwa kuti ndime 4 ndi ya kulowa m'gulu, ndime 9 ndi ya kulandidwa thandala.

Ndime 9 inkati membala amene wasiya thandala lake miyezi itatu osaligwiritsa ntchito, komiti idzalipereka kwa woyamba pamzere wa odikira, "kupatula pa zifukwa zotchulidwa mu ndime 14." Ndime 14 ndiyo inkatchula zifukwa zomveka zojombera: matenda a membala, a mwamuna wake kapena a mwana wake, ndiponso maliro.

Chaka china tinagwirizana kuwonjezera lamulo loletsa kugula nsomba zogwidwa ndi neti ya udzudzu. Tinaliika pambuyo pa ndime 11, pamodzi ndi malamulo ena a kagulidwe. Mapepala anapita ku shopu ina ya makompyuta ku boma, anawataipanso, anabwera oyera bwino. Pamsonkhano waukulu tinawerenga lamulo latsopanolo, amayi anakweza manja kuvomereza buku lonse, amayi apampando anasaina, inenso ndinasaina. Palibe amene anaganiza zowerenganso ndime zakale, poti tinkazidziwa.

M'gulumo munali mayi wina wofatsa, wamasiye, amene thandala lake linali pakona pafupi ndi chipata. Mwana wake wamkazi anadwala impso, anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, mayiyo n'kupita kukadikirira. Asananyamuke anabwera kwathu kudzatsanzika, thumba lili pamutu. Ndinamuuza kuti apite ndi mtima umodzi, thandala palibe adzalikhudze. Anakhalako nyengo yonse ya mphepo ya mwera. Thandala linachita dzimbiri m'mbali.

Woyamba pamzere wa odikira anali mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga. Mchimwene wangayo anali atathyoka msana pokoka bwato, sankapitanso panyanja, ndipo ana onse ankadya za mlamuyo. Sanali munthu woipa. Anali wotopa.

Tsiku lina m'mawa anandipeza ndikutembenuza usipa, buku la malamulo lili m'manja mwake.

"Alamu, miyezi itatu inakwana kalekale. Komiti ikumana liti?"

"Mukudziwa kuti mnzathu ali kuchipatala. Ndime 14 ikumuteteza."

"Tatsegulani ndime 14."

Ndinapukuta manja pachitenje n'kutsegula. Ndime 14 inkanena za mamembala otumidwa ndi gulu ku maphunziro. Za matenda munalibe. Ndinatembenuza tsamba, ndipo matenda ndi maliro ndinazipeza pa ndime 15.

Sizinali zovuta kuona chimene chinachitika. Lamulo la neti ya udzudzu linatenga nambala 12, ndipo ndime zonse zotsatira zinasuntha ndi imodzi: 12 yakale inakhala 13, 13 inakhala 14, 14 inakhala 15, mpaka kumapeto. Koma mawu a m'kati mwa ndime 9 anatsala momwe analili. Chala chinkalozabe pomwepo, pamene wolozedwayo anali atasuntha.

"Ichi n'cholakwika cha potaipa, alamu. Inunso mukudziwa."

"Chimene ndikudziwa n'chakuti buku ili munalikwezera manja, inu n'kusaina. Mwana wanga ndiye wandiwerengera, kawiri konse. Ndime 15 ikungonena za kujomba, thandala sikulitchula. Mwatiphunzitsa nokha kuti tizitchula ndime. Ndatchula."

Nkhani inafala gombe lonse dzuwa lisanafike pamutu. Ena ankati wamasiye akumulanda thandala mwana wake ali pabedi. Ena ankati akomiti malamulo amawakonda akamaluma anthu ena okha. Mayi wina wachisilamu amene tinkagawana mpanda anandinong'oneza kuti, "Wallahi, mukalakwitsa apa gulu latha."

Komiti inakumana m'kalasi ya sukulu ya pulayimale ana ataweruka. Amayi apampando, munthu wamkulu wosakonda phokoso, anaika mabuku awiri patebulo, lakale ndi latsopano. Msungichuma anati tingotenga cholembera, tifafanize 14 tilembe 15, nkhani ithe.

"Lero tikakonza ndi cholembera chifukwa tikumumvera chisoni," anatero amayi apampando, "mawa wina adzakonza ndi cholembera chifukwa akudana nafe. Buku ili linavomerezedwa ndi msonkhano waukulu. Olisintha ndi msonkhano waukulu womwewo."

"Ndiye thandala tipereke?" anafunsa msungichuma.

Onse anandiyang'ana ine, mwina chifukwa ndinali mlembi, mwina chifukwa wofunayo anali mlamu wanga. Ndinati ndime 9 ikuti komiti idzapereka, koma sikunena kuti lero. Ndipo ndime 31, ya kasinthidwe ka malamulo, ikulola komiti kuitanitsa msonkhano wapadera, bola mamembala adziwitsidwe masabata awiri msonkhano usanachitike, ndipo kusintha kuvomerezedwe ndi awiri mwa atatu alionse obwera. Tinagwirizana kuti thandala lisaperekedwe kwa aliyense mpaka msonkhanowo.

Masabata amenewo anali oipa. Mwera unaleka, usipa unayamba kutuluka wambiri, matandala onse anadzaza, la pakona lokha lili mbee. Mlamu wanga ankayanika pamchenga kunja kwa mpanda, moyang'anizana nalo. Ndikadutsa sankandipatsa moni. Mchimwene wanga anandiitanitsa, ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde.

"Achemwali, ana anga mumawaona?"

"Ndimawaona."

"Ndiye mukuchedwetsa dala kuti mupeze mpata wosintha lamulo. Likanakomera inu mukanathamanga nalo."

Mbali ina ankanena zoona. Tinkachedwetsadi.

Mayi wa thandala uja ndinamuimbira foni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kumbuyo kukumveka phokoso la m'wodi. Anangoti, "Mwana sindingamusiye. Chitani zimene malamulo akunena." Sanandikumbutse zimene ndinamulonjeza. Zikanakhala bwino akanandikumbutsa.

Tsiku la msonkhano kalasi inadzaza, ena anaima m'mawindo. Odikira pamzere analoledwa kulankhula, koma voti inali ya mamembala okhala ndi matandala, monga inkanenera ndime 4. Alangizi anabwera panjinga yamoto n'kukhala kumbuyo ngati mboni. Ndinaimirira n'kuwerenga pempho: kuti mu ndime 9, nambala 14 ichotsedwe, palowe 15. Basi.

Mlamu wanga anaimirira. Sanakuwe. Anati iye wadikira nthawi yaitali osadandaula, chifukwa ankakhulupirira kuti buku silikondera. Anati lamulo likasinthidwa lero, ligwire ntchito kuyambira lero, koma miyezi itatu ija inakwana buku likunena zina. Amayi ambiri anagwedeza mitu. Ena mwa iwo anali ndi abale awo pamzere womwewo.

Amayi apampando anafunsa alangizi ngati ali ndi mawu. Alangiziwo anati sangatiuze chochita, koma anafunsa funso limodzi: pa msonkhano uja tinkavomereza buku latsopano, kodi alipo amene anapempha kuti odwala achotsedwe chitetezo? Mayi wina wokalamba anayankha kuti, "Tinakambirana za neti ya udzudzu yokha."

Apo amayi apampando anati pempho liwonjezeredwe mawu akuti kukonzaku kuwerengedwe kuyambira tsiku limene buku latsopano linavomerezedwa, popeza msonkhano sunafunepo kusintha ndime 9. Wina anatsutsa kuti mawu amenewo sanali m'chidziwitso. Tinatsegulanso ndime 31. Kandime kake kachiwiri kankalola kuwonjezera mawu pa pempho, ngati akukhudza ndime yomweyo. Mkanganowo unatenga nthawi, thukuta likutsika, ana akulira kumbuyo.

Tinavota pokweza manja. Ndinawerenga ine, msungichuma anawerenganso, alangizi anawerenga kachitatu chifukwa zinali pafupi kwambiri. Manja ena ankakwera theka, eni ake akuyang'ana pansi. Pempho linadutsa, koma mwapang'ono zedi. Akanatsitsa manja amayi awiri, likanagwa. Ine ndinakweza langa mlamu wanga akundiyang'ana m'maso. Anatola buku lake, analiika patebulo pamaso pa amayi apampando, n'kutuluka.

Tisanabalalike, alangizi anatiuza kuti m'malamulo aatali nambala sasuntha. Lamulo latsopano likalowa pambuyo pa ndime 11, limatchedwa 11A. Lina likachotsedwa, nambala yake imatsala, pambali n'kulemba kuti inafafanizidwa. Ife manambala tinali titawasuntha kale, ndiye tinawasiya momwemo, koma sabata yotsatira ine ndi msungichuma tinakhala pansi n'kutsatira malo onse amene ndime ina inkatchula inzake. Tinapeza ena atatu olozera polakwika. Amodzi mwa malowo ankatumiza wokana chilango ku ndime ya kasesedwe ka mpanda. Onsewo anakonzedwa pamsonkhano wotsatira popanda wotsutsa, poti panalibe thandala la munthu.

Mayi wamasiye uja anabwerera mvula yoyamba itagwa, ali ndi mwana wake, wowonda koma akuyenda yekha. Anapala dzimbiri pathandala lake n'kuyambanso ntchito. Atamva bwinobwino mmene zinayendera, anapita kwa mlamu wanga kukamuuza kuti aziyanika mbali imodzi ya thandalalo. Mlamu anakana. Anati safuna chisoni, amafuna malo ake.

Malo akewo anawapeza chaka chotsatira, mayi wina atasamukira ku Chitala kukalima. Ndine ndinalemba dzina lake m'kaundula wa mamembala. Anasaina osandiyang'ana. Tinayambanso kulankhulana pa chinkhoswe cha mwana wake wamkulu, pamene anandituma kukatunga madzi ngati kuti palibe chinachitika, ine n'kunyamula ndowa.