Lachisanu la Rozaria

Rozaria Makina anabwerera ku Chiwalo mu 1996 ndi sutikesi imodzi, korona ndi Chifalansa. Anali atakhala zaka zingapo kwa masisitere ku Bukavu, m'dziko la Zaire, akuphunzira usisitere, koma nkhondo inabalalitsa onse iye asanalumbire. Anthu ankamutchabe Asisitere, ena mwaulemu, ena momunyodola. Chifalansacho chinalibe ntchito m'munda wa chinangwa. Ankangochilankhula yekha popita kukatunga madzi kudambo, pa chitsime chimene ankamwera limodzi ndi mbuzi.

Chifalansacho chinapeza ntchito m'chilimwe cha 2001, pamene bungwe lina la ku France linabwera kudzakumba mijigo m'Phalombe. Woyang'anira anali Mayi Odile, a Chingerezi chotsimphina, ndipo atapeza munthu womva chinenero chawo kumudzi, anachita ngati apeza mbale. Anagwirizana zodzakumana ndi komiti ya madzi Lachiwiri, pa 16 Okutobala, kuti aone malo ndi kusayinirana. Popanda msonkhano umenewo, galimoto yokumba sikanabwera.

Lamulungu, mkazi wa mkulu wa mpingo anamwalira. Abale ake anali ku Milanje, tsidya la malire, choncho mwambo woika maliro unagwa Lachiwiri lomwelo. Palibe akanakhala pansi pa mtengo kukamba za mjigo anzake akukumba manda.

Rozaria analembera Mayi Odile kalata Lolemba m'mawa. Ku Bukavu anamuphunzitsa kuti uthenga wotere umafupika: chifukwa, tsiku lina, kupepesa, basi.

"Madame, en raison d'un décès au village, nous ne pourrons pas vous recevoir mardi 16 octobre. Serait-il possible de reporter la réunion au vendredi 19, à 9 heures ? Avec toutes nos excuses."

A Dyson, amalume ake, ndiwo anali wapampando wa komiti. Anati awamasulire asanasayine.

"Ndanena kuti tili ndi zovuta, sititha kuwalandira Lachiwiri. Ndapempha ngati kungatheke Lachisanu, naini koloko m'mawa. Kenako ndapepesa."

"Yathera pomwepo? Moni uli kuti? Sunafunse n'komwe za ana awo?"

"Iwo salemba choncho, amalume."

"Chabwino, za moni zisiye. Koma Lachisanulo wakupatsa ndani? Munthu akubwera kudzatipatsa madzi ulele, iwe n'kumamuuza tsiku ndi ola ngati ukuitana waganyu?"

"Sindikulamula, ndikufunsa. Akapanda kuona tsiku, aganiza kuti tasiya."

"Asisitere, kuno si ku Zaire. Wopempha amadikira. Fufuta, ulembe kuti tidikira kumva kwa iwo."

Amuna ena awiri a m'komiti anagwedeza mitu kuvomereza. Palibe mwa iwo akanadziwa chikhala kuti Rozaria anasiya mzerewo momwe unalili. Iye anaziganizira, cholembera chili m'manja. Koma zaka zonse za ku Bukavu anaziphunzira kumvera, ndipo awa anali mlongo wa malemu mayi ake. Anatenga pepala lina, pamalo pa Lachisanu n'kulemba kuti, "Nous attendons de vos nouvelles."

Kalata inapita pa njinga. Yankho linabwera ndi njinga yomweyo, lalifupi ndi laulemu. Mayi Odile anapepesa malirowo, n'kunena kuti komiti ikadzakonzeka iwadziwitse.

"Waona?" anatero a Dyson. "Anthu aulemu. Abwera okha."

"Akuti ife ndiye tiwauze tsiku, amalume."

"Ndi kalankhulidwe chabe. Usawavutitse, angatiyese amwano."

Mudzi unadikira bungwe, bungwe likudikira mudzi. Mango anapsa. Nyenje zinalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Mitambo inayamba kuunjikana pa phiri la Michesi masana aliwonse, anthu n'kumaliza kupanga mizere m'minda. Rozaria ataona kuti Novembala wafika pakati, anabwereka njinga osauza munthu.

Anapeza Mayi Odile akulongedza mapepala. Anamulandira bwino, namuuza mosabisa kuti galimoto yokumba ndi yolemera, singayende m'dothi lakuda la m'chigwa mvula ikagwa, ndipo ibwerera ku Blantyre sabata yomweyo. Mjigo umene ukanakumbidwa m'mudzi wa Rozaria anaupatsa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Anatsegula buku lawo la masiku kuti amuonetse mmene ntchito inapanikizira. Rozaria anaona ndi maso ake kuti Lachisanu lija, pa 19, panalibe cholembedwa chilichonse.

Mvula inagwa usiku wa tsiku lachitatu. M'Febuluwale, njala ili pakati, kolera inalowa m'midzi yomwera zitsime za kudambo. Inatenga anthu anayi m'mudzi wa Rozaria, mmodzi mwa iwo mdzukulu wa a Dyson. Pa maliro a mwanayo a Dyson anauza anthu kuti azungu ndi osadalirika, amalonjeza n'kusowa. Rozaria anali m'gulu la amayi oimba, ndipo anapitiriza nyimbo.

Bungwelo linasamukira dera lina chaka chotsatira. Rozaria, imvi zitayamba, ankawoloka mtsinje m'mawa uliwonse kukatunga pa mjigo wa kutsidya. Eni mudzi ndiwo ankayamba, alendo pambuyo. Ankaika ndowa yake kumapeto kwa mzere, n'kukhala pamwala, kudikira kuti amuuze kuti nthawi yake yakwana.