Chaja ya Mlamu Wanga

Mng'ono wanga anagwira ntchito yoyendetsa basi mpaka kupuma, ndipo m'dera lathu amamutchula Zimitsani. Dzinali analipeza kunyumba kwake. Ana anakula akuwerengera pakhonde, poti babu la kuchipinda ankalichotsa n'kuyenda nalo m'thumba la jekete. Ine mkulu wake anandizimitsirapo getsi ndili m'bafa, sopo ali m'maso. Sindinaiwale.

Atawaikira mita yogula mayunitsi, misala inakula. Mdani wake anasanduka chaja ya mkazi wake, mlamu wanga, mayi wofatsa amene wamupirira chikwatirane. Akaipeza pasoketi yopanda foni ankakuwa mpaka oyandikana nawo kutuluka. Tsiku lina anaidula ndi sizasi pamaso pa alendo. Mlamu anamanga katundu n'kupita kwa mwana wawo wamkazi.

Tinakumana pabalaza pa mng'ono wanga Loweruka masana kuti tikonze banjalo. Mlamu anati abwerera pokhapokha bamboyo apepese. Mkamwini wawo, wokonza magetsi, anabweretsa kachipangizo koyezera mphamvu imene chinthu chikukoka pasoketi.

"Yambani ndi mfiti iyo," anatero mng'ono wanga, akuloza chaja yatsopano m'manja mwa mkazi wake.

Mkamwini anailumikiza yopanda foni. "Bambo, iyi ngakhale muisiye chaka chonse, siikwanitsa mayunitsi awiri."

TV yozimitsidwa ndi rimoti inaonetsa wati imodzi, pafupifupi mayunitsi asanu ndi anayi pachaka. Kenako anafika pa dikoda, imene mng'ono wanga salola munthu kuizula, chifukwa ikazulidwa imachedwa kuyaka ndipo mpira umayamba iye akudikira. Inali yozimitsidwa, kagetsi kofiira kokha kakuyaka. Mawati khumi ndi awiri.

"Bwerezani!" ndinatero.

"Ndi momwemo, bambo aakulu. Rimoti imangoigoneka, m'kati ikugwirabe ntchito. Igwireni mumve."

Ndinaikapo dzanja. Inali yofunda ngati nkhuku yangochokapo.

"Pachaka ndi mayunitsi oposa zana," anatero mkamwini. "Nyumba ino pamwezi mumagula angati?"

"Zana," anayankha mlamu.

Ndalama za magetsi a mwezi wathunthu, chaka ndi chaka, kupsera m'kabokosi kamene mwini wake amakaphimba ndi kansalu koluka! Mng'ono wanga anangoti kukamwa yasa, maso pa kagetsi kofiira kaja.

"Iwe, pepesa," ndinamuuza.

Analoza chaja ija. "Achimwene, komabe chaja nayonso imadya."

Mlamu anaimirira. Anazula dikoda ija pakhoma, n'kumuikira mwamuna wake pamiyendo.

"Nayu mkazi wanu, bambo a ana. Azikuphikirani."

Mpaka lero ali kwa mwana wake, ndipo wanenepa. Mng'ono wanga amazula dikoda tsiku lililonse, koma mawu opepesa sanatuluke. Ndikamuyendera ndimayatsa babu lililonse m'nyumbamo.