Mzere wa Chisena pa Tebulo la Malikisi

Amene amafotokoza nkhani iyi ku Bangula amati ine “ndinamukwezera” malikisi mtsikana wina. Mneni ameneyo ngwolakwika. Sindinakweze kanthu, ndinakana kukweza, ndipo mavuto anayambira pamenepo.

Bungwe lathu la alimi a mthirira linkafuna mlangizi. Osankha oti adzabwere ku intavyu tinali atatu: wapampando, mayi woyang'anira za antchito, ndi ine mlembi, amenenso ndine mphunzitsi. Tisanatsegule envulopu iliyonse tinagwirizana tebulo la malikisi. Wopanda satifiketi ya zaulimi ankagweratu. Otsala tinkawapatsa malikisi pa luso la mthirira, kukwera njinga yamoto ndi kulankhula Chisena. Mayina tinawaphimba, n'kuika manambala. Aliyense ankachonga payekha, potengera zolembedwa zokha, kenaka tinkayerekeza.

Titayerekeza, ndinalephera kukhala pansi. Ochokera kumtunda anali atalemba monyadira kuti Chisena amachidziwa. Ana akuno sanachitchule n'komwe. Munthu wa ku Nsanje angalembe bwanji kuti amalankhula chimene amalankhula ndi amake? Mmodzi wa iwo, mtsikana wodziwa bwino za mipope ndi ngalande, anatsalira pang'ono chifukwa cha ziro wa pamzere umenewo.

Wapampando anagogoda kalata ya mtsikanayo. “Aphunzitsi, taonani pamapeto apa. Walemba kuti ‘Takhuta’ m'malo mwa ‘Zikomo.’ Si Chisena chimenechi? Mpatseni asanu tizipita, kwatentha.”

“Ngakhale makondakitala a ku Blantyre amati ‘takhuta,’ bwana. Liwu limodzi si umboni.”

“Inu ndi galamala yanuyo mudzatikwirira amoyo!”

Mayi uja anaseka, koma anandivomereza: tikamuganizira mmodzi, tidzawayankha chiyani ena akadzafunsa? Ndinazungulira chipindacho, kutuluka pakhonde, kubwereranso. Kumupatsa malikisi kunali kukondera, koma kumusiya kunali kumulanga pa mlandu wathu, pakuti chilengezo tinachilemba mwaulesi: chinati “wodziwa Chisena” osauza anthu kuti achitchule m'kalata.

Tinaimitsa ntchito n'kulembera komiti yaikulu, kupempha kuti onse okhala ndi satifiketi tiwaimbire foni, funso likhale limodzi, m'Chisena: mlimi wakana kutseka ngalande nthawi yake itatha, umuuza chiyani? Komiti inachedwa kuyankha, ine n'kumapalasa njinga kukafunsa mpaka alonda anayamba kundiseka. Italola, tinaimba tonse atatu tili pamodzi, tinachonganso mzerewo kwa aliyense, ndipo chifukwa cha kusinthako tinachilemba n'kusainira.

Mtsikanayo anayankha mpaka mayuniti anatithera. Analowa m'gulu la oitanidwa, ndipo mnyamata wina wakumtunda anatsika. Pambuyo pake ndinamva kuti mnyamatayo anali mphwake wa mnzawo wa wapampando.

Zimene zinatayika pa ntchitoyi ndi izi:

Mayuniti a foni.
Mapepala ndi inki yosindikiziranso tebulo.
Chakudya chamasana cha anthu atatu, kawiri.
Chubu cha njinga yanga.
Moni wa wapampando, mpaka lero.