Uthenga wa mwera umene ndinaiwala kumasula

Nditamaliza maphunziro a kompyuta ndinakakhala kwa achemwali anga ku Mtakataka. Amuna awo ndi asodzi, ndipo nyengo ya mwera achemwali sankadya bwino mpaka bwato litabwerera. Tsiku lina achemwaliwo anandiuza kuti, "Iwe, sukulu yakoyo singatiuze za mphepo?"

Ndinalemba kapulogalamu kofunsa seva ina, kompyuta ya pa intaneti yosunga zanyengo, n'kutumiza yankho lake pafoni ya alamu m'mawa uliwonse. Ulesi wanga ndi uwu: mizere yonse imene bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, imatumiza pofunsa seva ndinangoikopera osaiwerenga, ndipo yankho kapulogalamuko kankalitumiza mmene labwerera. Sabata yathunthu zinayenda. Ndinayamba kuyenda pamsika wa Golomoti ngati mwini wake wa netiweki.

Kenaka achemwali anafuna kumadziwiratu za masiku atatu. Ndinasintha nambala imodzi yokha. M'mawa mwake alamu anandipeza ndikutsuka mkamwa, foni ili m'manja.

"Alamu, kodi nkhuku yaponda makina anu?"

Pafonipo panali timabokosi, zizindikiro za funso ndi zilembo zosadziwika mtundu. Achemwali anaima pakhomo. "Sakupita kunyanja mpaka ndimve zomveka." Anzawo a alamu anali akudikira kale kudooko. Manyazi anandigwira.

Pabulawuza, yankho lomwelo linkawerengeka bwinobwino. Ndinatukwana seva, ndinatukwana netiweki. Pomaliza ndinawerenga mizere ndinakopera ija, ndipo umodzi unali Accept-Encoding: gzip. Mzerewu umauza seva kuti, katundu wanga mukhoza kumupanikiza kuti achepe, ndidzamasula ndekha. Sevayo mayankho aafupi sinkavutika n'kuwapanikiza, n'chifukwa chake sabata ija ndinapulumuka. La masiku atatu linali lalitali, choncho inalipanikiza, n'kulemba pamwamba mwaulemu kuti Content-Encoding: gzip. Bulawuza imamasula yokha. Kapulogalamu kanga kanalonjeza kumasula koma sikankadziwa, kanangopereka mtolo uli chimangire.

Ndikanatha kungofufuta mzerewo, koma netiweki yathu imakonda katundu wochepa. Ndinawonjezera mizere itatu yoti kakaona gzip pamwamba pa yankho, kazimasula kaye. Foni ya alamu inalira. Lero bata, mawa bata, mkuja mwera wamphamvu.

Achemwali anawerenga kawiri, n'kupita kukawatengera amuna awo jekete. Ndinawaperekeza alamu panjira, ndikudzitama kuti tsopano ngozi yatha. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Za mkujazo ndinaziona dzulo pa mitambo. Nyanjayi ndinayamba kuyendamo inu musanamere mano."

"Nanga mwadikiriranji mpaka dzuwa kukwera chonchi?"

"Zaka zonsezi ndikamuuza mlongo wanuyo kuti ndibwera, sandikhulupirira. Foniyi amaikhulupirira. Sabata yathayi ndimamupeza atadya." Anandigwira paphewa. "Ndiye nkhuku ija muziitsekera, alamu."